Makina a R40,000: kulipira kumapeto kwa mwezi kapena tsiku losayina, zikusiyana pati?

Che Yusufu: Moni nonse a pagulu. Ndikufuna nzeru kwa odziwa masamu. Ndikufuna kugula makina opetera zovala kuti ndiike pa shopu yanga ya utelala kuno ku Fordsburg, mtengo wake R40,000. Kubanki andipatsa pepala: chiwongoladzanja 18 peresenti pachaka, miyezi 24, ndizilipira R1,996.96 pamwezi, kuyamba pakatha mwezi umodzi chilandirireni ndalama. Sitolo yogulitsa makinawo yati nayonso ingandikongoze, 18 peresenti yomweyo, miyezi 24 yomweyo, R1,996.96 yomweyo, kungoti yoyamba ndilipire tsiku losayina ndisananyamule makina. Wogulitsayo akuti ndi chimodzimodzi, komanso kwa iwo ndimaliza msanga. Mtima wanga sukukhazikika. Pali chimene sindikuchiona?

Bambo a Mphatso: Che Yusufu, palibe nkhani apa. Ndachulukitsa pafoni: 1,996.96 kuchulukitsa ndi 24 ndi R47,927.04. Kubanki yomweyo, kusitolo yomweyo. Tengani kumene sakuvutitsani ndi mapepala basi.

Gift wa ku Randburg: Ine ndingatenge ya kusitolo. Ukayamba msanga umamaliza msanga, ndipo ngongole ikamatsika msanga chiwongoladzanja chimachepa. Zimenezo ndi zodziwika.

Mayi Nagama: Moni Che Yusufu. Mtima wanu sukunama. A Gift akunena zoona kuti kulipira msanga kumayenera kuchepetsa chiwongoladzanja, koma onani pepala la kusitolo: chachepa pati? Ndalama ya pamwezi ndi yomweyo. Ndiye kuti mukulipira msanga koma phindu la kufulumirako likutsala m'thumba mwa sitolo.

Bambo a Mphatso, kuphatikiza ndalama za miyezi yosiyana ngati zonse zikutuluka tsiku limodzi ndi kumene kumabisa nkhaniyi. R1,996.96 ya lero ndi R1,996.96 ya mwezi wamawa si zofanana pamene ndalama ikubereka 1.5 peresenti pamwezi, kutanthauza 18 kugawa ndi 12. Mutaika R1,967.45 lero pamalo pobereka 1.5 peresenti, pakatha mwezi ikhala R1,996.96. Choncho malipiro a mwezi wamawawo, mtengo wake wa lero ndi R1,967.45. A mwezi wachiwiri mugawa ndi 1.015 kawiri, a mwezi wachitatu katatu, mpaka a mwezi wa 24, omwe lero ndi ofanana ndi R1,396.96 yokha. Mukaphatikiza zonse 24 zitabwezedwa ku lero chonchi, za kubanki zikukwana R40,000 ndendende. Ndi chifukwa chake banki yafika pa nambala yooneka yachilendoyo, sinangoilota.

Che Yusufu: Mpaka apo ndikutsatira, mayi. Nanga za kusitolo zikukwana zingati?

Mayi Nagama: R40,600. Ndandanda wa kusitolo ndi wa kubanki womwewo, koma malipiro aliwonse asunthidwa kubwera kufupi ndi mwezi umodzi. Oyamba sagawidwa ndi kanthu chifukwa ndi a lero, achiwiri amagawidwa ndi 1.015 kamodzi, omaliza ka 23 osati ka 24. Popeza aliwonse apulumuka kugawidwa kumodzi, zonse pamodzi zimakula ndi 1.015. Ndiye 40,000 kuchulukitsa ndi 1.015 ndi 40,600. Mukupereka zinthu za mtengo wa R40,600 kuti mulandire makina a R40,000.

Njira ina yoonera, mwina yosavuta: ikani mindandanda iwiriyo pambalipambali. Kuyambira kumapeto kwa mwezi woyamba mpaka kumapeto kwa mwezi wa 23, mbali zonse mukulipira tsiku lofanana, ndalama yofanana. Zikusiyana pawiri pokha. Kusitolo muli ndi malipiro a lero, R1,996.96 yathunthu. Kubanki m'malo mwake muli ndi malipiro omaliza, a pakatha zaka ziwiri, omwe lero ndi R1,396.96. Chotsani: R600.

Tadala: Eee, zimenezi ndi zomwe tikuphunzira ku UNISA mwezi uno. Ya kubankiyo ndi anyuwite wamba, ya kusitoloyo ndi anyuwite yolipiriratu. Mu buku fomula yake ili chonchi, pomwe PV ndi mtengo wa lero, R ndi ndalama ya pamwezi, i ndi chiwongoladzanja cha pamwezi, n ndi chiwerengero cha miyezi:

```
PV = R × (1 − (1 + i)^−n) / i
PV(due) = PV × (1 + i)
```

Ndaika i = 0.015 ndi n = 24, chigawo cha kumanjacho chikupereka 20.0304. Kuchulukitsa ndi 1,996.96 zikubweradi 40,000.

Amalume Chirwa: Pepani ndalowa mochedwa. Nkhani ya anyuwite mundisamale nayo ana anga. Ine ndinalowa ya penshoni zaka zapitazo ndikugwira ntchito yaulonda ku Germiston, ndipo ndinauzidwa kuti sindingaikhudze mpaka nditakwanitsa zaka 55. Che Yusufu, ngati akukulowetsani zimenezo pogula makina, kanani.

Tadala: Ayi malume, si ya penshoni. Apa tikungonena za ndalama yofanana yolipidwa mwezi ndi mwezi, kaya ndi ngongole kaya ndi lendi.

Amalume Chirwa: Oho. Ndiye pitirizani, ine ndizingowerenga.

Mayi Nagama: Lendi imene watchula Tadala ndiyo chitsanzo chomwe tonse tikuchidziwa kuno ku Joni. Mwini nyumba ku Yeoville salola kuti ugone mwezi wonse kenako ulipire. Umalipira pa 1 kuti ukhale mwezi umenewo. Ngongole ya kubanki nthawi zambiri imayenda mosiyana: ndalama uyambe wakhala nayo mwezi, ibereke chiwongoladzanja, kenako ulipire. Sitolo ya Che Yusufu yawerengera ndalama ya pamwezi mwa njira ya ngongole koma ikufuna kutolera mwa njira ya lendi.

Gift wa ku Randburg: Koma dikirani kaye mayi. Ngati chiwongoladzanja ndi 18 peresenti, bwanji simukuchulukitsa ndi 1.18? Ine ndikupeza R47,200, ndiye kuti Che Yusufu akuberedwa R7,200 osati R600.

Mayi Nagama: Ayi a Gift, malipiro asunthidwa ndi mwezi umodzi, osati chaka. Chochulukitsira chimatsatira kutalika kwa nthawi imene mwasuntha. Bwenzi ili 1.18 akanakhala kuti amalipira kamodzi pachaka ndipo sitolo ikufuna za chaka chonse patsogolo. Onani chonchi: kubanki mwezi woyamba chiwongoladzanja ndi 1.5 peresenti ya R40,000, yomwe ndi R600. Pa R1,996.96 yoyambayo, R600 imapita ku chiwongoladzanja, R1,396.96 imadula ngongole, n'kutsala R38,603.04. Kusitolo malipiro oyamba akuchitika pasanadutse ngakhale tsiku limodzi, ndiye palibe chiwongoladzanja chomwe chabadwa. Yonse iyenera kudula ngongole, n'kutsala R38,003.04. Kuchokera apo onse awiri atsala ndi malipiro 23 ofanana, oyamba mwa iwo pakatha mwezi. Koma malipiro 23 amenewo ndi okwanira kubweza R38,603.04, pamene kusitolo ngongole yanu yeniyeni ndi R38,003.04. R600 ija yatulukiranso.

Che Yusufu: Ndiye kuti sitoloyo ikanachita chilungamo inayenera kundiuza zingati pamwezi?

Mayi Nagama: R1,967.45. Mumangogawa ya kubanki ija ndi 1.015. Kusiyana kwake ndi R29.51 pamwezi, pa miyezi 24 ndi R708 ndi masenti. Yesani nokha pa kompyuta kapena pafoni ngati muli ndi Excel, nambala yomalizayo ndiyo imanena nthawi yolipira, 0 kumapeto, 1 koyambirira:

```
=PMT(0.18/12,24,-40000,0,0)
=PMT(0.18/12,24,-40000,0,1)
=RATE(24,-1996.96,40000,0,1)*12
```

Mzere woyamba upereka 1,996.96, wachiwiri 1,967.45. Wachitatu ndi umene ndimaukonda: ukufunsa kuti, ngati ndikulipira R1,996.96 kuyambira lero pa katundu wa R40,000, chiwongoladzanja chenicheni ndi chingati? Yankho ndi pafupifupi 19.7 peresenti. Pepala likunena 18, thumba likumva 19.7.

Bambo a Mphatso: Tsopano mwandisokoneza. Poyamba mwati R600, pano mukuti R708. Akutaya iti?

Mayi Nagama: Zonse ndi ndalama imodzi yoyezedwa pa nthawi zosiyana, bambo. R708 ndi ma R29.51 aja mutangowaunjika osaganizira kuti ena adzatuluka chaka chamawa ndi mtondo. Mukawabweza onse ku lero akukwana R600. Poyerekeza ndi mtengo wa makina, womwe ndi wa lero, gwiritsani R600.

Bambo a Mphatso: Chabwino, koma kunena zoona R600 pa R40,000 ine sindingataye nayo tulo. Ndi petulo wa masiku ochepa pa ntchito yanga yonyamula katundu.

Che Yusufu: Kwa inu achimwene. Kwa ine ndi madiresi awiri a chitenje, kudula, kusoka ndi kusita.

Tadala: Mayi Nagama, ine Excel ikukana, ikuti fomula ili ndi vuto. Ndakopera ndendende.

Mayi Nagama: Kompyuta zambiri zokonzedwera dziko lino zimagwiritsa `,` pa masenti, ndiye pakati pa manambala pamafunika `;`. Lemba `=PMT(0,18/12;24;-40000;0;1)` uone. Ndipo poti uli pa mayeso, samala ndi kakyuleta. Pa HP 10bII+ ukaona `BEG` pa sikilini, kapena `BGN` pa Sharp EL-738, ndiye kuti ikuwerengera zolipiriratu, ndipo sibwerera yokha ukamaliza funso. Ana ambiri amachita funso la lendi, n'kupita pa funso la ngongole ili pomwepo, mayankho onse otsatira n'kuphonya pang'ono. Chizindikiro chake n'chosavuta: pa yankho lako ndi la m'buku, gawa lalikulu ndi laling'ono. Ukapeza 1.015 pa funso la 1.5 peresenti pamwezi, kapena 1.01 pa la 1 peresenti, vuto si fomula, ndi batani limenelo.

Tadala: Yatheka tsopano. Funso lina: mnzanga m'kalasi amawerengera yolipiriratu pochotsa mwezi umodzi, n = 23, kenako n'kuwonjezera 1. Ine ndimachulukitsa ndi 1.015. Timakangana kuti wolondola ndani.

Mayi Nagama: Nonse. Pa miyezi 23 chigawo chija ndi 19.3309, kuwonjezera 1 wa malipiro a lero ndi 20.3309. Iwe 20.0304 kuchulukitsa ndi 1.015 ndi 20.3309 yomweyo. Ine ndimakonda ya mnzakoyo pofotokozera anthu a bizinesi, chifukwa imaonetsa poyera kuti malipiro oyambawo ndi dipoziti yovala dzina lina. Che Yusufu kusitolo sakukongola R40,000 kwa miyezi 24. Akupereka dipoziti ya R1,996.96, n'kukongola R38,003.04 kwa miyezi 23.

Madalitso: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndinagwirapo ntchito m'sitolo ya mipando chakuno ku Jeppe, ku ofesi ya ngongole, ndiye ndiloleni ndiikire kumbuyo sitolo pang'ono. Sizitanthauza nthawi zonse kuti R600 yabedwa. Wogulitsa amawerenga nambala imene kompyuta yamupatsa, ndipo kompyuta ina imatulutsa ya kumapeto kwa mwezi basi. Koma akaunti ikatsegulidwa, chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ngongole yotsala. Ngati zili choncho, malipiro a tsiku loyambawo amaduladi ngongole, ndipo kasitomala amadzapeza kuti malipiro omaliza ndi ochepa. Ndinaziona kangapo, munthu kubwera ndi ndalama yonse mwezi womaliza n'kuuzidwa kuti yatsala yochepa.

Mayi Nagama: Mfundo yabwino kwambiri a Madalitso, ndipo ikutipatsa choyezera. Ngati sitoloyo ikuwerengeradi 18 peresenti pa ngongole yotsala, R600 ija ikhala ikubereka mokomera Che Yusufu kwa miyezi 23, n'kufika pafupifupi R845. Malipiro omaliza akhale cha m'ma R1,152 osati R1,996.96. Ndiye Che Yusufu, pemphani ndandanda wa malipiro onse 24 wolembedwa, muyang'ane mizere iwiri yokha. Mzere woyamba: pa chiwongoladzanja palembedwe ziro. Mukaona R600 pa tsiku losayina, akukulipiritsani mwezi umene simunakhale ndi ngongole. Mzere womaliza: ngati pamwezi ndi R1,996.96, womalizawo ukhale wotsika. Zonse 24 zikakhala zofanana pa R1,996.96, kuyamba lero, chiwongoladzanja si 18 ngakhale atalumbira.

Madalitso: Eya. Ndipo muwauze akupatseni kotesheni yolembedwa musanasayine. Lamulo la ngongole la dziko lino la 2005 limakakamiza wokongoza kutero, ndipo koteshenyo imakhala yogwira ntchito masiku asanu a ntchito, ndiye mutha kupita nayo kunyumba. Muonenso ngati ali ndi nambala ya kalembera ya ku bungwe loyang'anira okongoza la National Credit Regulator, imayamba ndi NCRCP. Za pakamwa za wogulitsa sizidzakuthandizani pa mwezi wa 20.

Nachisale: Ine yanga ndi yosiyana pang'ono, mundithandizeko. Ndinatenga ngongole pa 10, koma amadula pa 25 tsiku lamalipiro kuntchito. Si tsiku losayina, komanso si pakatha mwezi. Ndiye ineyo ndili gulu liti?

Gift wa ku Randburg: Pa 25 ndi kumapeto kwa mwezi, ndiye muli gulu la kubanki.

Mayi Nagama: Kalendala isatinamize a Gift. Chofunika si kuti tsikulo lili kumapeto kwa Meyi kapena Juni, koma kuti papita nthawi yaitali bwanji kuchokera tsiku lolandira ndalama kufika pa malipiro oyamba. Mwezi wathunthu ndi anyuwite wamba, ziro ndi yolipiriratu. Anachisale ali pakati, masiku 15. Titagwiritsa manambala a Che Yusufu, malipiro omwewo akanakhala a mtengo wa pafupifupi R40,300 lero, theka la R600 ija pamwamba. Mabanki ambiri savutika nazo chifukwa amawerengera chiwongoladzanja tsiku ndi tsiku pa ngongole yotsala, ndiye pa 25 yoyambayo mumalipira cha masiku 15 okha. Onani sitetimenti yanu yoyamba, chiwongoladzanja chikhale pafupifupi theka la cha mwezi wachiwiri.

Nachisale: Ndaona. Choyamba chinali chochepadi, ine ndimaganiza kuti analakwitsa ndipo ndinangokhala chete kuti asazindikire.

Amalume Chirwa: Nanga a katapila a ku Hillbrow aja, amakupatsa R1,000 koma m'manja n'kukuika R700, akuti ya mwezi uno tadula kale? Ndi zomwezi?

Mayi Nagama: Ndi mtundu womwewo malume, kungoti wopanda manyazi. Walandira R700, pakatha mwezi ubweza R1,000. Iwo amati 30 peresenti, koma 300 pa 700 ndi pafupifupi 43 peresenti. Chiwongoladzanja chikakwera, kusiyana kwa kulipiriratu ndi kulipira kumapeto kumakweranso, chifukwa kusiyanako ndi chiwongoladzanja cha nyengo imodzi. Pa ngongole ya 12 peresenti pachaka ndi 1 peresenti yokha ya ngongoleyo. Kwa katapila ndi phiri.

Che Yusufu: Zikomo nonse. Ndabwereranso pa pepala la kubanki, ndaona kuti pansi pali R69 pamwezi ya kuyendetsa akaunti, komanso ndalama ina yotsegulira ngongole ndi inshulansi. Pa la kusitolo sindikuona, koma ndi kapepala kolemba pamanja ka wogulitsa uja.

Mayi Nagama: Apo ndiye nkhani yakula kuposa R600. R69 pamwezi kwa miyezi 24 ndi anyuwite inanso, ndipo imawerengedwa ndi 20.0304 yemwe uja: ndi R1,382 ya lero. Yokhayo yaposa kale kawiri R600 imene takhala tikukangana. Ngati sitolo ilibedi zimenezo, ikhoza kukhala yotsika mtengo ngakhale ikutolera patsogolo. Koma ndikukayika. Malamulo amalola wokongoza kulipiritsa R60 pamwezi, ukawonjezerapo msonkho ndi R69 imeneyo, ndipo ochepa amaisiya. Kapepala ka pamanja sikangatiuze. Mukapeza kotesheni yeniyeni, tengani ndalama yonse yotuluka m'thumba pamwezi mbali iliyonse, muike mu `RATE` muja, kubanki ndi 0 kumapeto, kusitolo ndi 1. Ndalama yotsegulira ngati mukulipira pa tsiku loyamba muichotse pa 40,000. Kumene kwatuluka nambala yaing'ono ndi kumene kuli kotchipa.

Madalitso: Ine pali pomwe sindikugwirizana nanu mayi. Mukubweza zonse ku lero ndi 1.5 peresenti ngati kuti ndalama ya Che Yusufu imabereka choncho. Telala akakhala ndi R2,000 m'manja amagula nsalu, n'kusoka, n'kugulitsa, mwina pakutha mwezi yabala R500. Kwa iye kutulutsa R2,000 tsiku loyamba, makina asanasoke ngakhale kolala imodzi, n'kowawa kuposa R600 yanuyo.

Mayi Nagama: Sindikutsutsa. 1.5 peresenti ikuyankha funso lakuti kodi pepala likunena zoona pa 18 peresenti. Funso lakuti Che Yusufu zimuwawa bwanji ndi lina, ndipo pamenepo nambala yoyenera ndi phindu la ndalama yake pa shopu. Koma samalani nayo, chifukwa R500 imeneyo muli thukuta lake losoka, si ndalama yokha imene yabereka. Komanso mukakweza nambalayo, ngongole iliyonse yochedwa kulipira imayamba kuoneka yokoma, ndipo ndi mmene anthu amagwera mu zija za tengani lero mudzayambe kulipira pakatha miyezi itatu.

Madalitso: Komabe kwa munthu wa bizinesi yaing'ono ine ndimaika patsogolo ndalama ya m'manja. Pamenepo tisiyana.

Gift wa ku Randburg: Ndiye mwati atenge iti? Ine ndikadali ku sitolo, bola atsitse kufika R1,967.45.

Bambo a Mphatso: Funso lina ndi lakuti banki imupatsadi? Pepala ndi pepala. Enafe tinafika mpaka posayina, n'kutiuza kuti pemiti yatsala ndi miyezi 14, sitingakupatseni ngongole ya miyezi 24.

Che Yusufu: Yanga ikadali ndi nthawi, koma mwandikumbutsa, ndikafunsa. Loweruka ndipita kusitolo kukapempha kotesheni ndi ndandanda wa miyezi yonse. Akakana kutsitsa ndiwauza asunthe malipiro oyamba afike mwezi wamawa, ndalama ikhale yomweyo. Mayi Nagama, zimenezo zikufanana ndi kutsitsa kuja eti?

Mayi Nagama: Zikufanana, zonse zikubwera pa R40,000 ya lero. Mwina kusuntha tsiku angavomere msanga kusiyana ndi kusintha nambala, chifukwa wogulitsa sakhala ndi mphamvu pa nambala. Mukajambula koteshenyo mubise dzina ndi nambala ya pasipoti musanaponye pano.

Tadala: Mukaponya ndiyesa ine kaye kuwerengera, mayi adzangochonga. Mayeso ali pafupi.